Kumva chigamulo cha khoti: zokulitsa mlandu, zochepetsa chilango ndi chilango chenicheni

Munthu akavomera mlandu kapena khoti likamupeza wolakwa, woweruza amayankhula mphindi zochepa asanatchule chilango. Amayankhula m'Chingerezi, ndipo womasulira amatsatira pambuyo mofulumira, nthawi zambiri m'Chibemba ngati ndi ku Kitwe kapena ku Ndola. Achibale amene abwera kuchokera ku Parklands, Chimwemwe kapena Kwacha amagwira nambala imodzi yokha, mwina "miyezi 24", n'kutuluka nayo akulira. Koma nambala imene yamveka kwambiri si nthawi zonse imene imasonyeza tsiku lotuluka m'ndende, ndipo payokha singakuuzeni ngati pali chifukwa chochitira apilo.

Mawu a woweruza popereka chilango amakhala ndi zigawo zitatu: zimene zakulitsa mlandu, zimene zachepetsa chilango, ndi kamangidwe ka chilangocho. Woweruza amatha kuzisakaniza poyankhula, koma womvera ayenera kuzilekanitsa. Tengani pepala, muligawe patatu, ndipo chilichonse chimene mwamva muchiike m'gawo lake. Ndi luso limene munthu aliyense wodziwa kulemba angalikwanitse.

Choyamba, dziwani malire a chilango

Musanalembe kanthu m'zigawo zitatuzo, lembani pamwamba pa pepala dzina la mlandu ndi ndime ya lamulo imene munthu waimbidwa nayo. Ku Zambia milandu yambiri ili m'buku la malamulo lotchedwa Penal Code, ndipo kayendetsedwe ka milandu kali mu Criminal Procedure Code. Mlandu uliwonse uli ndi denga la chilango. Mwachitsanzo, wantchito wobera bwana wake, pa ndime 278, angathe kulamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 7. Zaka 7 zimenezo ndi malire chabe. Khoti limazisungira milandu yoipitsitsa ya mtundu umenewo, osati aliyense amene wagwidwa.

Milandu ina ili ndi malire a pansi amene woweruza sangathe kutsikapo. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16, pa ndime 138, chilango chake chimayambira pa zaka 15. Kuba moopseza ndi chida kapena muli gulu, pa ndime 294, nakonso kumayambira pa zaka 15. Pamilandu yotereyi, ngakhale wolakwayo atapepesa motani, sangalandire zaka zochepera pamenepo. Kupepesa kwake kumangothandiza kuti chilango chikhale pafupi ndi malire a pansiwo.

Mphamvu za woweruza nazonso zili ndi polekezera. Majisitireti wamkulu sangapitirire zaka 9 pa mlandu umodzi, ndipo a m'munsi mwake amalekezera pa zaka 7, 5 kapena 3 malinga ndi udindo wawo. N'chifukwa chake munthu amatha kupezeka wolakwa pamaso pa majisitireti koma osalandira chilango tsiku lomwelo: amatumizidwa ku khoti lalikulu la High Court, ku Kitwe kapena ku Ndola, kuti jaji ndiye akatchule zaka. Achibale ena amaganiza kuti mlandu ukukayambiranso. Ayi, kumeneko akungopita kukalandira chilango.

Mmene woweruza amayenera kuganizira

Pa mlandu wa Nasilele, m'chaka cha 1972, khoti la apilo la Zambia linafotokoza ndondomeko imene makhoti amatsatirabe mpaka lero. Woweruza ayambe wadzifunsa kuti chilango choyenera mlandu umenewu, malinga ndi mmene unachitikira, ndi chotani. Akapeza yankho, ndi pamene ayang'ane munthuyo n'kuona kuti angamutsitsire pati. Khotilo linanenanso kuti mbiri yoipa ya munthu isakhale chifukwa chomupatsira chilango choposa chimene mlanduwo ukuyenera. Amene anamangidwapo kale amataya chifundo chimene wolakwa koyamba amalandira, koma salangidwanso kachiwiri chifukwa cha mlandu umene anaugwirira kale ukaidi.

Ndondomeko imeneyi ndiyo imatipatsa njira yolekanitsira. Zokulitsa mlandu zimanena makamaka za chimene chinachitika. Zochepetsa chilango zimanena makamaka za munthuyo ndi zimene wachita chigwidwireni.

Chitsanzo choti titsatire

Tiyerekeze bambo wina wa zaka 34, wosunga katundu m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Parklands. Waimbidwa milandu iwiri yobera bwana wake: woyamba wotenga mawaya a magetsi a K18,000, wachiwiri wotenga ndalama zokwana K6,000 patapita sabata imodzi. Anamangidwa pa 10 Malichi, sanathe kukwaniritsa zofunika pa belo, ndipo wakhala pa rimandi ku Kamfinsa. Wavomera milandu yonse iwiri. Pa 10 Julaye majisitireti akuyankhula motere, tikafupikitsa:

Wanena kuti bamboyu ndi wolakwa koyamba ndipo sanatayitse khoti nthawi. Wanena kuti anapatsidwa makiyi a mosungira katundu chifukwa chomukhulupirira, kuti anasintha manambala m'buku la katundu pofuna kubisa zimene anachita, ndiponso kuti anabwereza. Wanena kuti theka la mawaya linapezeka chifukwa bamboyo analozera apolisi kumene anagulitsa, koma ndalama sizinabwezedwe. Wamva kuti ali ndi ana atatu. Wanenanso kuti milandu ya antchito obera mabwana yachuluka. Kenako walamula miyezi 24 ya ukaidi wa ntchito yakalavulagaga pa mlandu woyamba, mwa imeneyo miyezi 6 yaimikidwa kwa zaka 2. Miyezi 12 pa mlandu wachiwiri. Zilango ziwirizi ziyendere limodzi, kuyambira pa 10 Malichi.

Gawo loyamba: zokulitsa mlandu

M'gawo loyamba lembani zinthu zinayi: anagwiritsa ntchito makiyi amene anamusungitsa, anasintha manambala m'buku, anabwereza kuba, ndipo K6,000 sinabwerere kwa mwini wake. Zonsezi zikunena za mchitidwe weniweniwo. Kusintha manambala n'kolemera kwambiri chifukwa kukusonyeza kuti munthuyo anakonzekera, sanangotengeka ndi chiyeso cha kanthawi. Pamilandu ina, m'gawo lino mumalowa kugwiritsa ntchito chida, kukula kwa mabala, kuchita chiwembu usiku, kapena kufooka kwa wolakwiridwa, monga mwana kapena nkhalamba.

Mawu akuti milandu yotereyi yachuluka alembeni pambali pang'ono, m'munsi mwa gawoli. Sakunena za bamboyu koma za cholinga cha chilango, kuti ena atengerepo phunziro. Makhoti amaloledwa kuganizira zimenezi. Kungoti ngati mwaona kuti chilango chonse chatsamira pa mfundo imeneyi yokha, popanda china chosonyeza kuti mlanduwu ndi woipa kuposa ena a mtundu wake, ndi chinthu choti muuze loya.

Pali mafunso awiri oyesera chilichonse chimene mwalemba m'gawo lino. Loyamba: kodi mfundoyi inachokera kuti? Munthu akavomera mlandu, woimira boma amawerenga mmene zinthu zinachitikira, ndipo wovomerayo amafunsidwa ngati zili zoona. Zimene wavomereza pamenepo, kapena zimene mboni zinanena ngati mlandu unazengedwa, ndizo maziko a chilango. Mphekesera za m'komboni siziyenera kulowamo. N'chifukwa chake woimbidwa mlandu ayenera kumvetsera bwino pamene akumuwerengera, ndipo ngati pali chimene sichoona anene nthawi yomweyo.

Funso lachiwiri: kodi mfundoyi ndi yoonjezera, kapena ndi mbali ya mlandu womwewo? Chitsanzo chomveka ndi mlandu wa Sole Sikaonga, umene khoti la Supreme Court linagamula mu 2009. Khotilo linati mlandu wogona ndi mwana, ukakhala wopanda zina zoonjezera, umalandira zaka 15 zoyambira zija. Koma ngati wolakwayo wapatsira mwanayo matenda opatsirana pogonana, chilango chiyenera kukwera. Kukhala kwa mwanayo pansi pa zaka 16 ndiye mlandu weniweniwo, pomwe matendawo ndi chinthu choonjezera. Zaka zambiri izi zisanachitike, pa mlandu wa Solomon Chilimba mu 1971, khoti linanena kuti pamene lamulo laika malire a pansi, wolakwa koyamba alandire malire omwewo pokhapokha pali china chapadera chokulitsa mlandu. Choncho mukaona wolakwa koyamba walandira zaka zopitirira kwambiri malire a pansi, fufuzani m'gawo loyamba la pepala lanu. Mukapeza mulibe kanthu, pamenepo pali poyambira.

Pa chitsanzo chathu, kukhala wantchito kuli kale m'ndime 278, ndipo n'kumene kwakweza denga kufika pa zaka 7. Choonjezera ndi chakuti iyeyu sanali wantchito wamba koma wosunga makiyi.

Gawo lachiwiri: zochepetsa chilango

M'gawo lachiwiri lembani izi: ndi wolakwa koyamba, wavomera mlandu, anathandiza apolisi mpaka theka la katundu linapezeka, ali ndi ana atatu. Koma musazilembe ngati zolemera mofanana.

Ziwiri zoyambazo ndizo makhoti a Zambia amazilemekeza kwambiri. Kuvomera mlandu kumasonyeza kulapa, kumapulumutsa nthawi, ndipo kumapeputsa mboni zimene zikanavutika kubwera kudzafotokoza. Komabe kulemera kwake kumasiyana. Wovomera tsiku loyamba amapindula kuposa wovomera mboni zitatha, ndipo wogwidwa katundu ali m'manja sapindula ngati amene akanatha kukana. Ku Zambia kulibe lamulo lonena kuti wovomera achotseredwe miyezi yakutiyakuti. Woweruza ndiye amayeza. Mbali ina yofunikanso kuidziwa ndi iyi: kukana mlandu ndi ufulu wa munthu. Wokana amangotaya mwayi wa wovomera, koma kukanako sikuyenera kulembedwa m'gawo la zokulitsa mlandu.

Za ana ndi banja zimanenedwa pafupifupi ndi aliyense woimirira m'bokosi, ndipo woweruza amazimva tsiku lililonse. Zimayamba kulemera zikakhala ndi umboni ndi tsatanetsatane: kuti mayi wa anawo anamwalira, kuti mmodzi ndi wodwala ndipo khadi la kuchipatala ndi ili. Chimodzimodzinso matenda a wolakwayo. Kubweza katundu chigamulo chisanaperekedwe kumamveka kwambiri kuposa kulonjeza kuti adzabweza.

Polemba gawoli, siyanitsani zimene zinanenedwa popepesa ndi zimene woweruza anavomereza. Woweruza angathe kunena kuti wamva za ana atatu, kenako n'kunena kuti bamboyo akanawaganizira asanabe. Apa mfundoyo yamveka koma sinachepetse kanthu. Ikani chizindikiro pa mfundo iliyonse: yalandiridwa, yakanidwa, kapena sinatchulidwe n'komwe. Yachitatuyi ndiyo yofunika kwambiri pa apilo. Ngati munthu ndi wolakwa koyamba, wavomera, koma woweruza sanatchule zimenezi paliponse, loya adzafuna kudziwa.

Pali mfundo inanso yothandiza pamilandu ing'onoing'ono. Pa mlandu wa Musonda mu 1976, khoti linanena kuti pamene lamulo lalola faindi kapena ndende, si chizolowezi kutumiza wolakwa koyamba kundende popanda mwayi wolipira faindi, pokhapokha pali zokulitsa mlandu.

Gawo lachitatu: kamangidwe ka chilango

Gawo lino ndi la masamu, ndipo ndi limene mabanja amalakwitsa kwambiri. Yankhani mafunso anayi motsatana.

Kodi mlandu uliwonse walandira chiyani? Lembani payekhapayekha: woyamba miyezi 24, wachiwiri miyezi 12.

Kodi zilangozo ziyendera limodzi kapena motsatizana? M'khoti mudzamva mawu akuti konkarenti, kutanthauza limodzi, kapena konsekyutivu, kutanthauza china chikatha china. Zikayendera limodzi, munthu amagwira chachitalicho basi, ndipo miyezi 12 ija imamira mkati. Zikatsatizana zimaphatikizidwa kukhala miyezi 36. Tcherani khutu apa, chifukwa lamulo limati khoti likapanda kulamula kuti ziyendere limodzi, zimatsatizana. Komabe makhoti akuluakulu anenapo kuti milandu imene ili mndandanda wa mchitidwe umodzi ionedwe ngati chinthu chimodzi, zilango zake ziyendere limodzi. Mlandu wa Muke wa mu 1983 ndi umodzi mwa imene imatchulidwa pa mfundoyi. Kuba kuwiri kwa bambo wathu, m'sitolo imodzi, kotalikirana sabata imodzi, kukugwa m'gulu limeneli.

Kodi pali gawo loimikidwa? Miyezi 6 yoimikidwa sinafafanizidwe. Bamboyo sadzaigwira tsopano, koma akaphwanya zimene khoti lamuikira m'zaka 2 zija, kawirikawiri zakuti asapalamulenso mlandu wofanana nawo, khoti lingathe kumubwezera kundende kuti akaigwire pamwamba pa chilango chatsopano. Lembani ndendende zimene waikiridwa. Lamulo limalola kuimika chilango kwa nthawi yosapitirira zaka 3, ndipo milandu ina ikuluikulu siloledwa kuimikidwa. Pa chitsanzo chathu, tikachotsa 6 pa 24 yatsala miyezi 18.

Kodi chilango chiyambira tsiku liti? Mwa lamulo chimayamba tsiku limene chatchulidwa, pokhapokha khoti litalamula kuti chiyambire m'mbuyo. Makhoti nthawi zambiri amachibweza ku tsiku limene munthu anamangidwa ngati wakhala m'chitokosi nthawi yonseyo. Bambo wathu wakhala miyezi 4 pa rimandi, ndipo chifukwa majisitireti watchula 10 Malichi, miyeziyo yawerengedwa. Akanapanda kutchula, ikanapita pachabe. Ngati woweruza wamaliza osanena za tsiku loyambira, loya kapena wolakwayo angathe kupempha mwaulemu nthawi yomweyo kuti nthawi ya pa rimandi iganiziridwe.

Pali chinthu chachisanu chimene simudzachimva m'khoti, chifukwa si cha woweruza koma cha akuluakulu a ndende. Mkaidi wa khalidwe labwino amatha kuchotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Pa miyezi 18 ndiye kuti miyezi 6 ingachoke, kutsala 12. Kuwerenga kuyambira pa 10 Malichi, bamboyo angatuluke cha kumayambiriro kwa Malichi chaka chotsatira, patangopita miyezi 8 chigamulo chiperekedwere. Banja limene linatuluka m'khoti litagwira "miyezi 24" likanaganiza kuti adzatuluka patapita zaka ziwiri zathunthu. Koma kuchotseredwaku kumatayika mkaidi akapalamula m'ndende, ndipo tsiku lenileni amawerenga ndi a ofesi ya ndendeyo. Funsani kumeneko.

Onaninso mmene mawu ochepa akanasinthira zinthu. Zilango zikanatsatizana, miyezi yoti agwire ikanakhala 30, ndipo atachotseredwa gawo lija ikanatsala 20 m'malo mwa 12.

M'munsi mwa gawoli lembaninso malamulo ena oonjezera ngati alipo: faindi ndi nthawi imene munthu adzakhale m'ndende akalephera kulipira, kubwezedwa kwa katundu wopezeka kwa mwini wake, kapena chipukutamisozi. Kwa wodandaula, monga mwini sitolo uja, mzere umenewu ndiwo wofunika kuposa miyezi ya ndende. Ngati akufuna kuti khoti liganizire zimene anataya, auze woimira boma chilango chisanaperekedwe.

Pepala lanu ndi apilo

Pepala likadzaza, mungathe kufunsa funso loyenera. Khoti la apilo silisintha chilango chifukwa chakuti ilo likanapereka chocheperapo. Pa mlandu wa Jutronich mu 1965 linaika mafunso atatu amene amagwirabe ntchito: kodi chilangocho chaphwanya mfundo za kaperekedwe ka chilango, kodi ndi chachikulu kwambiri moti khoti likuchita nacho kakasi, ndipo kodi pali zina zapadera zoti kusachichepetsa kungakhale kupanda chilungamo? Pepala lanu limathandiza makamaka pa funso loyamba: mfundo yopanda umboni m'gawo loyamba, mfundo yolemera yosatchulidwa m'gawo lachiwiri, kapena chilango chopitirira mphamvu za woweruza m'gawo lachitatu.

Pa chitsanzo chathu zigawo zikugwirizana. Zokulitsa mlandu zili ndi umboni, zochepetsa zinatchulidwa ndipo zikuonekera pa miyezi yoimikidwa, zilango zayendera limodzi, rimandi yawerengedwa, ndipo miyezi 24 ili kutali ndi denga la zaka 7. Apilo yotere ingavute kupambana. Ndipo dziwani kuti khoti la apilo lili ndi mphamvu yokweza chilango likaona kuti chinachepa, choncho osachita apilo mwa mkwiyo chabe.

Nthawi ndi yochepa. Kuchokera kwa majisitireti kupita ku High Court ndi masiku 14. Kuchokera ku High Court kupita ku Court of Appeal ndi masiku 30. Bambo wathu, akanafuna, akanayenera kupereka chidziwitso cha apilo pofika pa 24 Julaye. Masiku akadutsa pamafunika kupempha chilolezo ndi kufotokoza chifukwa chochedwera. Wovomera mlandu amathabe kuchita apilo pa kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho sichili mwa lamulo, ndipo amene ali m'ndende angathe kupereka chidziwitso chake kudzera kwa mkulu wa ndendeyo.

Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 18, amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wa womasulira popanda kulipira ngati sakumva chinenero cha khoti. Ngati Chibemba simuchimva bwino, nenani kuti mukufuna womasulira m'Chinyanja mlandu usanayambe. Ndime yomweyo imapatsa munthu amene wazengedwa mlandu ufulu wopempha kope la zimene khoti linalemba, atalipira ndalama zoikika. Pemphani kopelo ku ofesi ya kalaliki wa khoti mwamsanga, muliyerekeze ndi pepala lanu, mukonze pamene khutu linaphonya. Kenako tengani zonse ziwiri kwa loya, kapena ku ofesi ya Legal Aid Board ku Kitwe kapena ku Ndola ngati mulibe ndalama, masiku a apilo asanathe.